Thovu si ukhondo: zimene beseni la azakhali ku Makanjira linandiphunzitsa za muyeso wa sopo

Pa tchuthi china ndinapita kukacheza kwa azakhali anga ku Makanjira, kugombe la kum'mawa kwa nyanja ya Malawi m'boma la Mangochi. Tsiku lachitatu, msuweni wanga wa Fomu 2 anandionetsa khosi lake. Linali lofiira pamene pamakhudza kolala, ndipo ankangodzikanda. Malaya ake oyera a sukulu anali ouma gwa ngati katoni, mtundu wake wayamba kupita kotuwa. Azakhali anali odabwa kuposa tonsefe, chifukwa pamudzipo palibe amene amathira sopo waufa wochuluka kuposa iwo. "Mwanawe, malaya amenewa ndimawathira sopo mpaka thovu kusefukira. Ndiye litsiro likuchokera kuti?"

Yankho limene ndinawapatsa ndi limene ndikufuna kuliteteza pano, ngakhale ndikudziwa kuti ambiri a inu amayi anu sangalilandire msanga. Sopo ali ndi muyeso wake. Ukapyola muyesowo, zovala sizipitiriza kuyera, koma ntchito yotsukuluza imakula, khungu limavutika, paketi imatha msanga, ndipo zotsalazo zimakathera m'nyanja. Ine ndimati sopo waufa tizimuyeza ndi supuni, osati ndi dzanja kapena ndi maso oyang'ana thovu.

Kamutu ndi kamchira

Tiyambe ndi funso losavuta: bwanji madzi okha sachotsa litsiro la pakolala? Chifukwa litsiro limenelo limamatira ndi mafuta. Khungu lathu limatulutsa mafuta pang'onopang'ono tsiku lonse, mafutawo amalowa mu ulusi wa nsalu, kenaka fumbi la m'njira limadzakakamira pamenepo. Madzi ndi mafuta sagwirizana, monga mumaonera mukathira mafuta ophikira m'kapu ya madzi.

Mu sopo muli mankhwala amene akatswiri a kemisitiri amawatcha safakitanti. Kamolekyulu kamodzi ka safakitanti kali ngati mbululu: kali ndi kamutu ndi kamchira kakatali. Kamutu kamakonda madzi, kamchira kamadana ndi madzi koma kamakonda mafuta. Mukaviika malaya m'beseni, timichira timalowa m'mafuta a pakolala, timitu n'kutsala kunja m'madzi. Mukayamba kutikita, mafutawo amaduka timadontho, kadontho kalikonse katazunguliridwa ndi timitu, ndipo sikangabwererenso pansalu mosavuta. Kamangoyandama m'madzimo mpaka mutataya.

Tsopano apa ndi pamene pagona nkhani. Mukamathira sopo pang'onopang'ono m'madzi, timamolekyulu toyamba timathamangira pamalire: pamwamba pa madzi, pa ulusi wa nsalu, ndi pa litsiro. Pamenepo ndi pamene pali ntchito. Koma malo amenewa ali ndi polekezera. Akadzaza, timamolekyulu towonjezera timasowa pokhala, ndiye timaunjikana tokhatokha m'timipira ting'onoting'ono, timichira m'kati, timitu kunja. Timipira timeneti timatchedwa maiselo.

Maiselo si achabechabe ayi. Amasunga mafuta ochoka pansalu m'kati mwake, komanso ali ngati nkhokwe yotengako timamolekyulu tina pamene toyamba tagwidwa ndi litsiro. Choncho pamafunika ndithu kuti akhalepo okwanira. Koma akakwana kunyamula litsiro limene lili m'beseni, owonjezera onse amangozungulira opanda katundu. Taganizirani ngalawa yafika padoko ndi usipa, anthu asanu akukwanira kuutsitsa. Mukaitana anthu makumi awiri, usipawo suchuluka, ndipo ngalawa siyera kuposa kutha kwa usipa. Mwangodzaza doko ndi anthu ofunika kuwachotsanso.

Ndiye mukajambula girafu, muyeso wa sopo pansi, kuyera kwa nsalu m'mbali, mzere umakwera msangamsanga poyamba, kenaka umapinda n'kugona chopingasa. Muyeso wabwino uli popindirapo. Azakhali anali kutali m'chigawo chogonacho.

Thovu limatinamiza

Vuto ndi lakuti pamene mzere wa kuyera wagona, thovu limapitirizabe kukwera. N'chifukwa chake limatipusitsa. Thovu ndi mpweya chabe wokutidwa ndi kachikopa ka madzi kamene safakitanti wakalimbitsa. Limakhala pamwamba, pomwe ntchito yochotsa litsiro ikuchitika pansi, pakati pa ulusi. Umboni wake ndi uwu: sopo wopangira makina ochapira a chitseko cha kutsogolo amapangidwa dala kuti asachite thovu lambiri, koma amayeretsa bwinobwino. Sopo wochapira pamanja amapangidwa wa thovu lochuluka, mbali ina chifukwa ogulafe timakhulupirira thovulo.

Sindikunena kuti thovu lilibe uthenga uliwonse. Mafuta amapha thovu. Ngati munayamba ndi thovu pang'ono ndipo latheratu zovala zikadalipo, madzi ada bii, ndiye kuti sopo wagwidwa yense ndi litsiro. Chimenecho ndi chizindikiro choona. Koma thovu lofika m'zigongono silikuuzani kuti zovala zayera kwambiri. Likukuuzani kuti m'madzimo muli sopo wambiri wopanda ntchito.

Thovu lochuluka limasokonezanso manja. Kuchapa kumadalira zinthu zinayi: mankhwala, nthawi, kutentha kwa madzi, ndi kutikita. Sopo akachuluka, nsalu imaterera pa nsalu inzake, ndiye kukhulana kumene kumatulutsa dothi kumachepa. Komanso thovu limaphimba beseni, simuona ngati kolala layera. Mumangokhulupirira kuti poti pali poyera pamwamba, pansi paliponso poyera.

Muyeso wake ndi uti?

Poyambira ndi zolemba za papaketi, chifukwa sopo waufa amasiyana mphamvu. Mu ufawo, safakitanti ndi gawo lochepa chabe. Muli sodiyamu kaboneti, Na₂CO₃, amene amafewetsa madzi ndi kuthandiza kusungunula mafuta, muli mchere wina wongothandiza kuti ufa usaumbike, muli zonunkhiritsa, ndipo mitundu ina muli ma enzaimu odula madontho a magazi ndi a chakudya. Wopanga ndi amene amadziwa kasakanizidwe kake.

Koma tinene zoona, ambiri timagula timapaketi ting'onoting'ono kapena woyezera m'pepala pagolosale, ndipo palibe chowerenga. Ngati zili choncho, yambani ndi magalamu 3 mpaka 5 pa lita imodzi ya madzi. Pa beseni la malita 10, theka la ndowa yaikulu ija ya malita 20, ndi magalamu 40 mongoyerekeza. Supuni yaikulu yodyera, yosadzaza msonga, imanyamula ufa wa magalamu pafupifupi 10, ndiye ndi masupuni anayi. Mukafuna kudziwa za supuni ya kwanu, sikelo siyofunika. Tengani paketi yolembedwa kulemera kwake, werengani masupuni amene atulukemo mpaka ithe, kenaka gawani magalamu ndi chiwerengero cha masupuniwo.

Ndinapempha azakhali kuti atape sopo monga amachitira masiku onse, koma athire m'mbale osati m'madzi. Anatapa manja atatu odzaza. Titayeza ndi supuni, anakwana masupuni khumi ndi awiri, kutanthauza magalamu 120 pa beseni lomwelo la malita 10. Katatu kuposa poyambira paja. Paketi ya magalamu 500 pa muyeso umenewu imachapa kanayi basi. Pa muyeso wa magalamu 40 imachapa ka 12, n'kutsalako pang'ono.

Pali zinthu ziwiri zimene zimakulolani kuwonjezera. Choyamba ndi kuchuluka kwa mafuta pa zovalazo. Chachiwiri ndi mtundu wa madzi, ndipo ichi n'chofunika kwambiri kwa anthu a m'mbali mwa nyanja, kumene banja limodzi limatha kuchapira madzi a m'nyanja lero, a pamjigo mawa, a mvula m'dzinja. Madzi a pansi pa nthaka amadutsa m'miyala ndipo kawirikawiri amatengako kashiamu ndi maginiziyamu, Ca²⁺ ndi Mg²⁺. Amenewa ndi amene m'kalasi mumawatcha madzi olimba. Kashiamu amagwira timitu ta sopo wamtanda n'kupanga zoyera zoyandama ngati mkaka wosasa, zimene sizichapa kanthu. Sopo waufa amapirira bwino madzi otere, komabe gawo lina la mphamvu yake limathera pomenyana ndi kashiamuyo. Madzi a mvula alibe mchere umenewu, choncho amafuna sopo wochepa kwambiri.

Mungathe kuyerekeza madzi a kwanu nokha. Tengani mabotolo atatu ofanana, lina muthire madzi a mvula, lina a m'nyanja, lina a pamjigo, onse kufika theka. Sungunulani kachidutswa ka sopo wamtanda m'kapu ya madzi, ndipo thirani supuni yaing'ono imodzi m'botolo lililonse. Tsekani, khutchumulani kakhumi, n'kuimika. Botolo limene thovu lake ndi lochepa ndipo madzi achita mbuu ndilo la madzi olimba kwambiri. Madzi amenewo mungawonjezere supuni imodzi kapena ziwiri pa beseni. Osati manja awiri.

Masamu a kutsukuluza

Apa ndi pamene msuweni wanga anatenga kope, chifukwa ndi masamu a Fomu 2 enieni. Sopo amene walowa m'nsalu sachoka ndi dzuwa. Madzi amauluka ngati nthunzi, koma sopo amatsala mu ulusi. Njira yokha yomuchotsera ndi kumusungunula ndi madzi oyera n'kufinya.

Tinachapa malaya atatu a sukulu, buluku limodzi ndi zitenje ziwiri m'malita 10. Tiyerekeze kuti zovala zimenezi, mutazifinya bwino ndi manja, zimasungabe malita 2 a madzi. Ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi a sopo latsala m'nsalu. Ndi magalamu 40, mwatsala magalamu 8. Ndi magalamu 120 a azakhali, mwatsala magalamu 24.

Tsopano thirani malita 8 a madzi oyera. Pamodzi ndi malita 2 a m'nsalu aja, akwananso 10. Mukatakasa n'kufinya, mutsalanso gawo limodzi mwa asanu. Kutsukuluza kulikonse kukugawa sopo wotsala ndi 5:

Magalamu 40: 8 → 1.6 → 0.32
Magalamu 120: 24 → 4.8 → 0.96 → 0.19

Taonani bwino manambalawa. Wa magalamu 40 akatsukuluza kawiri, mwatsala magalamu 0.32. Wa magalamu 120 akatsukuluza kawiri, mwatsala pafupifupi galamu yathunthu, ndipo ayenera kutsukuluza kachitatu kuti atsike kufika pamene pali mnzake. Kachitatuko ndi malita 8 ena, makilogalamu 8 apamutu kuchokera kumjigo. Nanga amene amasenza madziwo ndani? Kawirikawiri ndi inu nomwe, makamaka atsikana, m'mawa musanapite ku sukulu kapena madzulo nthawi yowerenga.

Tsiku limene madzi avuta, azakhali ankatsukuluza kamodzi kokha. Pamenepo m'zovala munkatsala magalamu 4.8, kuposa supuni yaing'ono ya ufa wa sopo, wouma m'malaya amene mwana akavale tsiku lonse padzuwa la ku Mangochi. Ndipotu masamu awa ndi okomera, chifukwa safakitanti wina amamatira pa ulusi ndipo sachoka mofulumira chonchi.

Masamu omwewa akutiphunzitsa zinthu zina ziwiri zaulere. Ngati muli ndi malita 16 otsukuluzira, musawathire onse nthawi imodzi. Kamodzi ndi malita 16 kumasiya magawo 2 mwa 18, ndiye magalamu 8 aja amatsika kufika pa 0.9. Kawiri ndi malita 8 kumatsitsa kufika pa 0.32. Madzi omwewo, koma zotsala zachepa pafupifupi katatu. Chachiwiri ndi kufinya. Ngati mwafinya mwaulesi, m'nsalu n'kutsala malita 4 m'malo mwa 2, ndiye kuti pa magalamu 40 mutsala 16, ndipo kutsukuluza kulikonse kwa malita 8 kungogawa ndi 3. Mukatsukuluza kawiri mutsala magalamu 1.8, kuposa kasanu wa munthu wofinya bwino. Mphamvu ya m'manja pofinya imaposa ndowa yowonjezera.

Zimene sopo wotsala amachita

Madzi a sopo waufa amakhala ndi pH ya pakati pa 10 ndi 11, makamaka chifukwa cha sodiyamu kaboneti uja. Khungu la munthu lili ndi pH ya pafupifupi 5, ndipo limadziteteza ndi kachikopa ka mafuta kopyapyala. Kumbukirani kuti ntchito ya safakitanti ndi kuchotsa mafuta, ndipo iye sasiyanitsa mafuta a pakolala ndi a pakhungu lanu. N'chifukwa chake munthu akachapa nthawi yaitali m'madzi a sopo wambiri, manja amauma, kukakala, mwina kung'ambika m'mbali mwa zikhadabo.

Pa zovala zouma, ufa wotsala umangokhala phee mpaka mutatuluka thukuta. Thukuta limausungunulanso, pang'ono pa malo amodzi, ndipo nsalu imaukhula pakhungu. Ndiye malo oyamba kuyabwa ndi pakhosi, m'khwapa, m'chiuno pa lamba wa kabudula, ndi paliponse pothina. Ana aang'ono ovala matewera ndi anthu a khungu losachedwa kutupa ndi amene amavutika msanga. Koma chenjezo: si kuyabwa konse kochokera ku sopo. Mphere imayabwa kwambiri usiku, imakonda pakati pa zala, ndipo imagwira anthu angapo m'nyumba imodzi. Zipere zimapanga zozungulira. Ngati mwatsukuluza zovala bwino kwa sabata imodzi kapena ziwiri koma palibe kusintha, pitani kuchipatala, musalimbane ndi supuni.

Nsalu nayo imaonetsa. Imauma yolimba, chifukwa timchere totsala tauma pakati pa ulusi. Pa buluku lakuda kapena siketi yabuluu mumaoneka mizere yoyera, makamaka ngati ufa unathiridwa pa zovala usanasungunuke. Ndipo zoyera zimatuwa. Ichi chimadabwitsa, koma chifukwa chake n'chosavuta: madzi otsala m'nsalu si a sopo yekha, ndi madzi akuda onyamula litsiro lija. Thovu likachuluka, munthu amatopa kutsukuluza litsirolo lisanathe, ndipo limaumira momwemo pamodzi ndi sopo. Sabata ndi sabata limaunjikana. Mkanjo woyera wa Lachisanu umayamba kuoneka ngati wakalamba usanathe chaka.

Pali njira yachidule yodziwira. Tengani malaya ochapa kale, ouma, muwaviike m'madzi oyera opanda sopo n'kuwatikita. Tinatero ndi malaya a msuweni wanga, ndipo madzi anachita thovu ngati tathiramo sopo. Azakhali anangoti, "Ii, koma abale!" Tinawatsukuluza mpaka thovu litasiya, ndipo atauma anali ofewa. Masiku angapo otsatira khosi lija linapola.

Mawu a azakhali amene ali ndi nzeru

Sanagonje msanga, ndipo anali ndi mfundo. "Aphunzitsi," anatero mondiseka, "malaya a sukulu ndamva. Nanga zovala za amalume anu zochokera kunyanja? Mafuta a usipa mungawachotse ndi masupuni anayi?"

Akunena zoona. Zovala za msodzi, kapena za mayi woyanika ndi kukazinga nsomba, zili ndi mafuta ochuluka kwambiri, ndipo sopo wochepa ndi vutonso. Maiselo akachepa, mafuta ochoka pa malo amodzi amakamatira pa malo ena, zovala zonse n'kutuluka zikununkha nsomba. Sindikulimbikitsa kuumira ayi.

Koma njira yake si kuthira manja atatu m'beseni limodzi. Kumbukirani zinthu zinayi zija. Patulani zovala za nsomba, zisakumane ndi yunifolomu. Zitsukuluzeni kaye m'madzi okha kuti mchenga ndi mamba zichoke. Sungunulani sopo m'madzi zovala zisanalowe, ndipo ngati n'kotheka madziwo akhale ofunda, ngakhale ongowotha padzuwa m'ndowa yakuda, chifukwa mafuta ofunda amafewa n'kuchoka msanga. Viikani kwa theka la ola. Malo a mafuta kwambiri pakanipo sopo wamtanda n'kutikita pomwepo. Madzi akada ndipo thovu latha, finyani, tayani, yambaninso ndi madzi atsopano ndi muyeso womwe uja. Kuchapa kawiri ndi magalamu 40 ndi magalamu 80, osafika 120, ndipo kumayeretsa bwino chifukwa litsiro loyamba mwalitaya kunja m'malo moti zovala zizisambiramo.

Kumene madzi a sopo amapita

Ambiri a kunyanja amachapira pagombe penipeni, ndipo pamenepo masamu a kutsukuluza saoneka ovuta, poti madzi ndi ambirimbiri. Koma funsani: magalamu 120 aja apita kuti? Onse alowa m'madzi osaya a m'mphepete, momwe ana amasambira, momwe ena amatunga madzi, momwenso tiana ta nsomba timabisala m'mabango.

Safakitanti amawononga ziwalo zopumira za nsomba, zofiira zija za m'mbali mwa mutu, ngakhale atakhala mamiligalamu ochepa pa lita. Mwayi wake, mitundu imene imagwiritsidwa ntchito masiku ano tizilombo ta m'madzi ndi m'dothi timaiphwanya. Kale sizinali choncho. M'zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1960, mitsinje ina ya ku Ulaya ndi ku Amereka inkayandama milu ya thovu chifukwa safakitanti wa nthawiyo anali wa mchira wa nthambi umene tizilombo tinkalephera kuudya. Cha m'ma 1965 makampani anasinthira ku wa mchira wowongoka. Koma kuphwanyako kumatenga masiku, osati mphindi.

Mitundu ina ya sopo waufa ilinso ndi fosifeti wofewetsera madzi. Fosifeti ndi chakudya cha zomera, monga P wa mu feteleza wa NPK. Akachuluka m'madzi, ndere ndi zomera monga namasupuni wa mu mtsinje wa Shire zimakula mopyola, ndipo zikamaola zimatha mpweya umene nsomba zimapuma. N'chifukwa chake mayiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya anachepetsa kwambiri fosifeti mu sopo wochapira kuyambira mu 2013. Tisakokomeze: zakudya za zomera zambiri zolowa m'nyanja yathu zimabwera ndi dothi lokokoloka kuchokera kuminda, osati m'mabeseni. Komabe nyanja ya Malawi ili ndi mtsinje umodzi wokha wotulutsa madzi, Shire, ndipo madzi ake ambiri amachoka ngati nthunzi, imene sinyamula fosifeti. Zolowa sizituluka msanga. Ndipo mosiyana ndi kukokoloka kwa dothi, ili ndi gawo limene mwana wa sukulu angalisinthe Loweruka lomwe lino: kuchepetsa muyeso, kutunga madzi n'kukachapira kumtunda, ndi kutaya madzi a sopo pa dothi kutali ndi gombe ndi chitsime, kuti dothi lisefe.

Za neti yoteteza ku udzudzu samalani koposa. Maneti okhalitsa amayesedwa kuti mankhwala ake apirire kuchapidwa ka 20, koma kuchapa kofatsa. Sopo waufa wambiri ndi kutikita mwamphamvu zimafulumiza kutha kwa mankhwalawo. Chapani ndi sopo wamtanda pang'ono, m'beseni, yanikani pamthunzi, ndipo musaichapire m'nyanja chifukwa mankhwala opha udzudzu aja ndi poizoni woopsa kwa nsomba.

Musandikhulupirire, yesani

Dulani nsalu yoyera yakale ya thonje tizidutswa tinayi tofanana. Pa kalikonse dontheza madontho asanu a mafuta ophikira, pakani dothi pang'ono, kagone usiku umodzi. M'mawa konzani zigubu zinayi, chilichonse cha lita imodzi ya madzi ochokera pa malo amodzi. Choyamba musathire sopo. Chachiwiri thirani kota ya supuni yaing'ono, chachitatu supuni yaing'ono imodzi, chachinayi masupuni aang'ono atatu. Supuni yaing'ono imodzi pa lita ili pafupi ndi muyeso wa magalamu 40 pa beseni uja, ndipo atatuwo ali pafupi ndi muyeso wa azakhali.

Viikani zonse mphindi 15, tikitani kachidutswa kalikonse ka 30 ndi munthu mmodzi yemweyo. Kenaka tsukuluzani m'kapu imodzi ya madzi nthawi iliyonse, n'kulemba kuti zatenga makapu angati kuti madzi otsukuluzira asiye kuchita thovu mukawakhutchumula m'botolo. Zikauma, patsani mnzanu amene sanaone kachitidwe kake kuti azindandalike kuyambira choyera kwambiri. Zimene sayansi ikuyembekezera ndi izi: kusiyana kwakukulu pakati pa choyamba ndi chachitatu, kusiyana kochepa kapena kosaoneka pakati pa chachitatu ndi chachinayi, koma makapu otsukuluzira ochuluka pa chachinayi. Mukapeza zosiyana ndi izi, musabise. Funsani kuti madzi anu ndi olimba bwanji, kapena mafuta anachuluka motani, n'kubwerezanso.

Tsiku lonyamuka, ndinaona supuni yakale yopindika chogwirira ili m'chitini cha sopo. Azakhali anandiona ndikuyang'ana. "Anayi pa za sukulu," anatero, "koma za amalume anu ndimachapa kawiri, ndipo musandiwerengere."